Kalata ya msungichuma: chifukwa chake sheya yabala 150 chaka chino, osati 300

Okondedwa amayi ndi abambo, mamembala anzanga,

Pamsonkhano wapitawu wa banki m'khonde yathu, alembi atalengeza kuti sheya imodzi ya 1,000 tidzaigawana pa 1,150, tonse tinangoti zii, kenako kunayamba manong'onong'o. Pobalalika, anthu atatu anandipeza paokhapaokha, koma funso lawo linali limodzi: "A msungichuma, chaka chatha sheya inafika pa 1,300. Chaka chino tasunga zambiri kuposa chaka chatha. Nanga phindu latsika bwanji?" Mmodzi anawonjezera kuti, "Pajatu timakongozana pa 10 peresenti pamwezi, ndipo miyezi ilipo 12. Ndalamazi zimayenera kuwirikiza kawiri."

Mafunsowa sanandikhumudwitse. Bokosi limagona kwa ine, choncho pamene ndalama zaoneka zochepa, woyamba kufunsidwa ayenera kukhala ine. Ndasankha kuyankha polemba kuti aliyense awerenge modekha, aike kabuku kake pambali, n'kudziwerengera yekha tisanafike tsiku logawana. Nkhani yonse yagona apa: ndalama zomwe timasunga sizibereka chifukwa chakuti tazisunga. Zimabereka pokhapokha mmodzi wa ife akazikongola n'kuzibweza ndi chiwongoladzanja.

Zimene zimalowa m'bokosi

Banki m'khonde yathu imatsata njira yomwe bungwe la CARE linayambitsa ku Niger m'chaka cha 1991, yomwe pano magulu ambiri m'mayiko osiyanasiyana amagwiritsa ntchito. Mfundo yake ndi yakuti gulu lisalandire ndalama kuchokera kunja. Palibe bungwe lomwe limatiwonjezera, ndipo palibe banki yomwe imatipatsa chiwongoladzanja. Chilichonse chomwe chili m'bokosi la maloko atatu lija chinatuluka m'thumba la mmodzi wa ife anthu 20.

Ndalama zimalowa m'njira zinayi. Yoyamba ndi masheya. Sheya ndi gawo limodzi la ndalama zosunga, lomwe mtengo wake tinagwirizana poyamba kuti ukhale 1,000, ndipo sabata iliyonse munthu amagula kuyambira sheya imodzi mpaka asanu. Chidindo chilichonse m'kabuku kanu chikuimira sheya imodzi. Yachiwiri ndi chiwongoladzanja, ndalama yapamwamba yomwe wokongola amalipira chifukwa chogwiritsa ntchito ndalama za gulu. Yachitatu ndi zindapusa za kuchedwa kapena kujomba. Yachinayi ndi thumba la zadzidzidzi, koma ili tiliike padera, chifukwa malamulo athu amati siligawidwa ndipo silikongozedwa ndi chiwongoladzanja. Limadikira matenda ndi mavuto ena, ndipo lotsala limapitirira chaka chamawa.

Tsono pa zitatu zotsalazo, masheya si phindu. Ndi ndalama zanu zomwe, zimene mukungobwezeredwa. Zindapusa ndi zochepa, ndipo gulu loyenda bwino limafuna kuti zichepe ndithu. Chomwe chingakweze sheya kuchoka pa 1,000 kufika pa 1,150 kapena 1,300 ndi chiwongoladzanja basi.

Apa ndi pomwe banki m'khonde imasiyanirana ndi chipereganyu. M'chipereganyu, zomwe mwasonkha ndi zomwe mudzalandire, palibe chowonjezera, ndipo munthu amadziwiratu kuchuluka kwake. Kwathu kuno chowonjezera chilipo, koma palibe angachilonjeze kumayambiriro kwa chaka, chifukwa palibe amadziwa kuti akongole ndi angati, ndalama zingati, kwa miyezi ingati.

Masamu a tsiku logawana

Tsiku logawana owerenga ndalama athu awiri amakhuthula zonse pamaso pa aliyense. Akawerenga, timatenga chiwerengerocho n'kuchigawa ndi masheya onse a gulu. Yankho lake ndi mtengo watsopano wa sheya imodzi. Kenako aliyense amachulukitsa mtengowo ndi zidindo za m'kabuku kake.

Chaka chatha tinagula masheya 2,400, zomwe ndi 2,400,000. Chiwongoladzanja chinabweretsa 720,000. Zindapusa zinali 12,000, ndipo zomwe tinagwiritsa ntchito pogula timabuku, inki ndi zolembera zinalinso 12,000, motero zinafafanizana. Ngongole zonse zinabwezedwa. M'bokosi munali 3,120,000, ndipo titagawa ndi 2,400, sheya inakhala 1,300.

Chaka chino masheya omwe akugawana ndi 3,000, zomwe ndi 3,000,000. Chiwongoladzanja chabweretsa 540,000. Zindapusa ndi 30,000, zogulira zipangizo ndi 15,000, ndipo pali ngongole ya 105,000 yomwe sinabwezedwe. Mukaphatikiza ndi kuchotsera, m'bokosi muli 3,450,000. Gawani ndi 3,000, mupeza 1,150.

Taonani zomwe zachitika. Chiwongoladzanja chatsika kuchoka pa 720,000 kufika pa 540,000, pomwe masheya ochigawana akwera kuchoka pa 2,400 kufika pa 3,000. Chogawana chachepa, ogawana achuluka. Ngakhale chiwongoladzanja chikanakhala 720,000 ngati chaka chatha, sheya iliyonse ikanapeza 240 yokha, osati 300, chifukwa cha masheya 600 owonjezerawo. Kusunga zambiri ndi chinthu chabwino, ndipo aliyense wosunga zambiri adzanyamula zambiri. Koma kusunga pakokha sikukweza mtengo wa sheya. Ngati ndalama zowonjezerazo sizinakongoledwe, zimangopyapyalitsa phindu lomwe linalipo kale.

Nanga 10 peresenti ya miyezi 12 ija inapita kuti?

Funso ili ndikhalitsapo, chifukwa ndi lomwe limasokoneza anthu ambiri, ndipo inenso linandisokoneza chaka changa choyamba.

Peresenti ndi gawo limodzi mwa magawo 100, choncho 10 peresenti ya 1,000 ndi 100. Munthu akuganiza kuti 100 pamwezi kwa miyezi 12 ndi 1,200, ndiye sheya iyenera kufika pa 2,200. Masamuwa ndi olondola pa sheya imodzi yokha: yomwe inagulidwa tsiku loyamba, n'kukongoledwa tsiku lomwelo, n'kukhala kunja chaka chonse osagona m'bokosi ngakhale sabata imodzi. Sheya yoteroyo kulibe.

Ganizirani munthu yemwe ali ndi njinga zobwereketsa. Njinga imam'bweretsera ndalama tsiku lomwe wina waibwereka. Ikatsamira pakhoma, ndi yake ndithu, koma tsikulo sinapeze kanthu. Ndipo njinga yomwe waigula kumapeto kwa chaka singapeze zofanana ndi yomwe anali nayo kuyambira pachiyambi. Ndalama zathu zili chimodzimodzi, ndipo pali zinthu zitatu zomwe zimazichepetsera masiku ogwira ntchito.

Choyamba, 3,000,000 ija sitinali nayo mwezi woyamba. Inkabwera pang'onopang'ono, pafupifupi 250,000 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba tinangosonkha osakongoza. Mwezi wachiwiri tinali ndi 250,000 yoti tikongoze, wachitatu 500,000, n'kumakwera choncho. Theka la ndalama zathu zonse linabwera theka la chaka litatha kale.

Chachiwiri, mwezi womaliza sitikongoza. Timafuna kuti zonse zikhale zitabwerera tisanagawane. Ndiye pa miyezi 12, ndalama zimagwira ntchito miyezi 10 yokha, ndipo nthawi yomwe bokosi limakhala lodzaza kwambiri ndi yomwe sitikongoza n'komwe.

Mukaphatikiza zinthu ziwirizi, tiyerekeze kuti ndalama iliyonse ya masheya inkakongoledwa itangolowa, ndipo aliyense ankabweza pa nthawi yake. Mwezi wachiwiri tikanapeza 25,000, wachitatu 50,000, wachinayi 75,000, mpaka mwezi wa 11 pomwe tikanapeza 250,000. Zonse pamodzi ndi 1,375,000, kapena pafupifupi 460 pa sheya. Chiwongoladzanja chomwe chalowa chikakongozedwanso, chiwerengerochi chimakwerako, koma mukuona kuti ngakhale chaka choyenda bwino kwambiri sichifika pa 1,200 ija.

Chachitatu ndi chomwe chatipweteka chaka chino: ndalama zinalipo koma ozikongola anali ochepa. Ndikukumbutseni msonkhano woyamba wa mwezi wachisanu ndi chiwiri. Tinali titasonkha masheya a pafupifupi 1,500,000. Zomwe zinali kunja m'manja mwa okongola zinali 600,000. Zotsalazo, zoposa 900,000, tinazitsekera m'bokosi, ndipo ndinanyamula bokosi lolemera kupita nalo kunyumba. Mwezi umenewo gulu linapeza 60,000 pomwe likanatha kupeza 150,000. Miyezi ingapo yotsatira inali yotero. Wapampando akafunsa kuti, "Alipo ofuna ngongole?" manja okwera anali awiri kapena atatu. Ena anati malonda sakuyenda, ena anati ngongole ya chaka chatha inawasowetsa tulo, ndipo zifukwa zonsezi ndi zomveka. Koma zotsatira zake ndi zakuti pa 1,375,000 yomwe tikanatha kupeza, tapeza 540,000, osafika ndi theka lomwe. Chaka chatha, pa 1,100,000 yomwe tikanatha kupeza, tinapeza 720,000, pafupifupi magawo awiri mwa atatu.

Kunena zoona, bokosi lolemera limandiopsanso pa chifukwa china. Ndalama zambiri zikamagona m'nyumba ya munthu mmodzi, wogona nazoyo sagona. Maloko atatu amateteza bokosi kwa ine, koma saliteteza kwa wakuba yemwe angalinyamule lonse.

Amene amalipira phindu lathu

Pali chinthu chomwe sitikonda kuchitchula pamsonkhano, koma popanda icho nkhaniyi siimveka. 540,000 ija sinagwe kumwamba. Inachokera m'matumba athu omwe.

Tengani mamembala awiri, osatchula mayina. Mayi wina anagula masheya 200 ndipo sanakongolepo. Adzalandira 230,000: zake 200,000 ndi phindu la 30,000. Mayi wachiwiri anagula masheya 100, ndipo pakati pa chaka anakongola 150,000 kwa miyezi itatu. Miyezi iwiri yoyamba ankalipira chiwongoladzanja chokha, 15,000 mwezi uliwonse, ndipo mwezi wachitatu anabweza mpamba wonse ndi 15,000 yomaliza. Anapereka chiwongoladzanja cha 45,000. Tsiku logawana adzalandira 115,000, ndiye kuti phindu lake ndi 15,000. Analowetsa 45,000, akutulutsa 15,000. 30,000 yosiyanayo yapita kwa ena.

Kodi mayi wachiwiriyu waluza? Yankho lili pa zomwe anachita ndi 150,000 ija. Ngati anaoda katundu n'kupindula 90,000 m'miyezi itatuyo, ndiye kuti atalipira gulu anatsala ndi 45,000 yomwe sakanaiona popanda ngongole, ndipo gulu lam'bwezeranso 15,000. Kwa wakatapila sakanabwezeredwa kalikonse. Koma ngati ndalamazo anagulira zinthu zomwe sizibweretsa ndalama, 45,000 ija anaichotsa pa zosowa za pakhomo pake. Apa ndi pomwe pali gwero lenileni la phindu la gulu lonse: ntchito yomwe ngongole zathu zimakagwira kunja. Ndalama yatsopano imalowa m'gulu kudzera mwa makasitomala a mamembala athu. Popanda zimenezo, tikungosuntha ndalama kuchoka m'thumba la uyu kupita m'thumba la uyo.

Onaninso kuti kabwezedwe kamasintha zomwe gulu limapeza. Malamulo athu amati chiwongoladzanja chiwerengedwe pa ngongole yotsala. Mayi yemweyu akanamabweza 50,000 ya mpamba mwezi uliwonse, akanalipira 15,000, kenako 10,000, kenako 5,000, zonse 30,000 m'malo mwa 45,000. Kwa iye ndi nzeru. Kwa gulu si vuto, bola 50,000 yobwerayo ipeze wina woitenga tsiku lomwelo. Chaka chatha zinkatero. Chaka chino ambiri ankabweza msanga, zomwe ndi zoyamikirika, koma ndalama zikabwera zinkangolowa m'bokosi n'kugona.

Ngongole yosabwezedwa

Tonse tikuidziwa nkhani ya mnzathu yemwe wagwa m'mavuto, ndipo sindikuilemba kuti ndimuchititse manyazi. Ndikufuna muone mmene imakhudzira sheya ya aliyense. Anali ndi masheya 60, ndipo malamulo amalola munthu kukongola mpaka katatu ka zomwe wasunga, choncho anatenga 180,000. Anabwezako 15,000 ya mpamba, kenako zinamukanika. Yatsala ndi 165,000. Potsata malamulo, tafafaniza masheya ake 60 kuti alipire 60,000. N'chifukwa chake masheya ogawana ndi 3,000, ngakhale omwe tinagula onse anali 3,060. Dzenje lotsala ndi 105,000.

Mukagawa 105,000 ndi masheya 3,000, mupeza 35. Sheya iliyonse yataya 35, ndipo mayi wa masheya 200 uja wataya 7,000. Kuti muone kulemera kwake, ngongole ya 150,000 imabweretsa 15,000 pamwezi. Pafunika chiwongoladzanja cha mwezi umodzi cha ngongole zotero zisanu ndi ziwiri, zobwezedwa bwinobwino, kuti chikwirire dzenje limodzili. Ngongole yabwino imatipatsa gawo limodzi mwa magawo khumi pamwezi, koma ngongole yoipa imapita ndi mpamba womwe.

Lamulo la katatu lija lili ndi malire ake, ndipo ndi bwino tiwadziwe. Masheya a wokongola ndi chikole, inde, koma munthu akakongola mpaka pamapeto, chikolecho chimakwana gawo limodzi mwa atatu. Magawo awiri otsalawo amaimira pa kukhulupirirana kwathu basi.

Ena anandifunsa chifukwa chake sitikuwerengera 105,000 imeneyi pogawana, popeza inalembedwa m'buku ndipo mwini wake sakukana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Timagawana zomwe owerenga ndalama angazigwire ndi manja. Tikawerengera ndalama ya m'buku, sheya ingaoneke ngati 1,185, ndipo oyamba kulandira adzalandira mokwanira, koma omaliza adzapeza bokosi lopanda kanthu. Mnzathuyu akabweza tsiku logawana lisanafike, sheya idzakhaladi 1,185. Akadzabweza pambuyo pake, alembi asunga mndandanda wa masheya a chaka chino kuti ndalamayo idzagawidwe kwa eni ake enieni, osati kwa omwe adzalowe chaka chamawa.

Maganizo omwe ndamva, ndi mtengo wa lililonse

Kuyambira tsiku lija ndamva maganizo angapo a mmene tingakwezere phindu. Kusankha ndi kwa gulu lonse, osati kwa msungichuma. Changa ndi kukuonetsani mbali zonse ziwiri.

Ena akuti tikweze chiwongoladzanja chifike pa 20 peresenti. Ngongole zikanakhala zomwezo, chiwongoladzanja cholowa chikanawirikizadi kawiri. Funso ndi lakuti kodi zikanakhala zomwezo? Mayi wa 150,000 uja akanalipira 90,000, phindu lonse la malonda ake. Chaka chino vuto lathu silinali kuchepa kwa mtengo, linali kusowa kwa okongola, ndipo kukweza mtengo wa chinthu chomwe anthu akuchiopa kale kungawathawitse. Pali chiopsezo chinanso: mtengo ukakwera, woyamba kusiya kukongola ndi amene amawerengera bwino, ndipo wotsala ndi amene wapanikizika kwambiri, yemwenso kubweza kungamuvute. Komabe omwe akufuna kukwezawo ali ndi mfundo. Mitengo ya zinthu ikamakwera, 1,000 ya kumayambiriro kwa chaka sigula zomwe inkagula, ndipo wosunga amafuna phindu loti likwirire kusiyanako. Ena akunena zosiyana, kuti titsitse tifike pa 5 peresenti kuti ambiri akongole. Zikatero, ngongole ziyenera kuwirikiza kawiri kuti tingofika pomwe tili pano.

Ena akuti aliyense azikakamizidwa kukongola, chifukwa si chilungamo kuti wina azidya phindu lomwe sanalivutikire. Dandaulo limeneli ndimalimvetsa, makamaka likachokera kwa amene walipira 45,000 n'kulandira 15,000. Wosakongolayo nayenso ali ndi yankho: ndalama zomwe enawo anachitira malonda zinali zake, ndipo ngongole ikafa amaluza nawo. Masamu ake ali chonchi. Tiyerekeze kuti tonse 20 tili ndi masheya ofanana ndipo takongola mofanana. Aliyense walipira 27,000, zonse 540,000, ndipo tsiku logawana aliyense alandiranso 27,000 yomweyo. Mtengo wa sheya umaoneka wokwera, koma kwa munthu yemwe anakongola mokakamizidwa n'kusunga ndalamayo m'nyumba, palibe chomwe wapindula kupatula kusunga mokakamizidwa. Ena kusunga kotero amakufuna ndithu. Koma ndalama yopanda ntchito ikakhala m'nyumba miyezi itatu imadyeka, ndipo ngongole zosabwezedwa zimayambira pamenepo.

Pali njira ina yomwe magulu ena amatsata, yogawa chiwongoladzanja, chonse kapena gawo lake, molingana ndi zomwe munthu analipira. Imakomera okongola. Koma wosunga akaona kuti masheya ake sakubala, amachepetsa kugula, ndipo chaka chotsatira okongola amapeza bokosi lopepuka. Imafunanso kuti alembi azisunga mbiri ya chiwongoladzanja cha munthu aliyense popanda kulakwitsa, pomwe njira yathu yapano aliyense angaitsimikize pongowerenga zidindo.

Ganizo lomaliza ndi lokongoza anthu akunja pa mtengo wokwera. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndalama zogona zipeza ntchito, ndipo chiwongoladzanja chichokera kunja kwa gulu. Kuipa kwake n'kwakuti wakunja alibe masheya oti tifafanize, sakhala nafe sabata iliyonse, ndipo malamulo athu samumanga. Pa mnzathu uja tapulumutsako 60,000. Pa wakunja sitikanapulumutsa kalikonse. Pamafunikanso kufufuza zomwe malamulo a dziko amanena pa nkhani yokongoza anthu omwe si mamembala. Mwina tisanafike kumeneko tionenso malire athu omwe: alipo mamembala omwe ankafuna zambiri koma lamulo la katatu kapena lobweza m'miyezi itatu linawatsekereza, pomwe ndalama zinali m'bokosi. Kufewetsa malirewo kumatulutsa ndalama, koma kumakulitsanso dzenje ngati wina walephera.

Ndiwonjezepo kanthu kamodzi komwe palibe anakatchula. Sheya yogulidwa mwezi wa 11 imalandira 1,150 mofanana ndi yogulidwa mwezi woyamba, ngakhale sinagwire ntchito ndi tsiku limodzi lomwe. Malire a masheya asanu pa msonkhano amathandiza kuti munthu asadikire kumapeto n'kudzathira ndalama zambiri nthawi imodzi kuti adye phindu la anzake. Tikadzafuna kusintha malirewo, tidzakumbukire zimenezi.

Mmene mungadziwire chaka chisanathe

Zomwe zachitika chaka chino siziyenera kudzatidzidzimutsanso, chifukwa zizindikiro zake zimalengezedwa pamsonkhano uliwonse. Tisanatseke bokosi, owerenga ndalama amanena zomwe zatsala, ndipo alembi angathe kunena zomwe zili kunja pa ngongole. Ambirife nthawi imeneyo timakhala tikukonzeka kunyamuka. Mverani manambala awiriwa. Ngati zotsala m'bokosi zikuposa zomwe zili kunja, mwezi umenewo sheya yanu ikukwera pang'ono kwambiri, ndipo zikatero miyezi iwiri kapena itatu motsatizana, dziwani kuti chaka sichidzatha ngati chatha.

Mungathenso kupeza phindu la tsiku lililonse. Phatikizani ndalama za m'bokosi, kupatula thumba la zadzidzidzi, ndi mpamba wa ngongole zomwe zili kunja, kenako chotsani mtengo wa masheya onse omwe agulidwa. Chotsalacho ndi phindu lomwe tapeza kufika tsikulo. Chiwerengerochi chiyenera kufanana ndi chiwongoladzanja ndi zindapusa zomwe zalembedwa, mutachotsa zomwe tagwiritsa ntchito. Zikasiyana, penapake palakwika, ndipo ndi bwino kufunsa tsiku lomwelo, pomwe aliyense akukumbukira, kusiyana ndi kudikira miyezi isanu.

Chizindikiro china ndi ngongole yomwe mwini wake akungolipira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, miyezi itatu itadutsa kale, mpamba osaukhudza. Poyamba imaoneka yokoma, chifukwa ndalama ikulowa. Koma kawirikawiri zimatanthauza kuti mpambawo kulibenso. Choopsa kwambiri ndi pamene munthu wabweza ngongole m'mawa ndi ndalama yobwereka kwina, n'kukongolanso yokulirapo pamsonkhano womwewo. M'buku imaoneka ngati ngongole yatsopano, pomwe ndi yakale yomwe ikukula. Pa nkhani ya mnzathu uja, chizindikiro choyambacho chinaonekera, ndipo ine ndinali mmodzi mwa omwe anachiona n'kukhala chete poopa kumukhumudwitsa. Tikanakhala naye pansi nthawi imeneyo, mwina tikanagwirizana zoti azibweza pang'onopang'ono ngongoleyo isanamukulire. Pamenepo ndinalakwitsa, ndipo ndikupepesa kwa iye komanso kwa inu.

Tsiku logawana aliyense abwere ndi kabuku kake, atawerengeratu zidindo zake kunyumba n'kuzichulukitsa ndi 1,150. Osunga makiyi onse atatu afike msanga, chifukwa bokosi silitsekulidwa mmodzi akasowa. Ndalama zidzawerengedwa kawiri pamaso pa onse, ndipo palibe adzalandire mpaka masheya a m'timabuku tonse atakwana 3,000. Buku la ngongole lidzakhala poyera, mwezi ndi mwezi, kuti aliyense wofuna kuphatikiza yekha 540,000 ija atero. Tikamaliza, ndapempha wapampando kuti tipatule nthawi yokambirana za chiwongoladzanja, malire a ngongole ndi kagawidwe ka phindu, tisanagule sheya yoyamba ya chaka chamawa.

Ine wanu,
Msungichuma